Kalata yosiya ntchito ku banki: ndithandizeni ndisanatumize zimene ndinalemba usiku

Tiyamike: Abale anga a pa gulu, mwaswera bwanji? Ndabwera ndi nkhani yofuna mitu yozizira, chifukwa wangawu watentha. Ndagwira ntchito pa kauntala ya banki ina kuno ku Chigwa kwa zaka zinayi. Tsopano ndapeza ntchito ya zowerengera ndalama ku bungwe lina losakhala la boma ku Nsanje, malipiro ake abwinoko ndithu. Kalata yondilemba ntchito yafika, ndasayina, ikuti ndiyambe pa 1 Disembala. Lero ndi pa 10 Novembala. Usiku tulo sitinabwere ndi kutenthaku, ndiye ndinalemba uthenga wopita kwa manijala wathu. Sindinautumize. Nawu:

"Bwana, ine ndatopa ndipo ndasiya ntchito kuyambira lero. Zaka zinayi ndakhala pa kauntala, anthu obwera m'mbuyo mwanga mwawakweza chifukwa mumawakonda. Mu Ogasiti munandidula K85,000 ya shoteji pamene mukudziwa kuti tsiku limenelo ndinasayinitsidwa ndalama zimene sindinawerenge ndekha. Ndinalira mu ofesi mwanu, simunandimvere. Mulungu wandiona, ndapeza ntchito kwa anthu odziwa kulemekeza munthu. Mundipatse ndalama zanga zonse msanga. Tsiku lina mudzandifuna."

Zonse zili mmenemu ndi zoona. Koma ndikamawerenganso mtima ukundiuza kuti pali cholakwika. Ndichite bwanji?

Joe wa ku Ngabu: Tumizani momwemo, achemwali! Anthu amenewa amazolowera chifukwa timachoka mwakachetechete. Akudyerani ndalama ndiye muwathokozenso?

Fatsani: Pepani kwambiri, asisi. Musasayine chilichonse asanakupatseni ndalama za zaka zimene mwagwira. Mlamu wanga atamuchotsa pa kampani ina ku Nchalo anamupatsa za chaka chilichonse chimene anagwira. Zaka zinayi si masewera.

Esnati: A Fatsani, werenganinso bwino. Sanamuchotse, akuchoka yekha.

Bambo Alufandika: Mwana wanga Tiyamike, choyamba wachita bwino kusautumiza. Ine ndinapuma ntchito nditayang'anira a pa kauntala zaka zambiri, ndipo makalata osiya ntchito ndawaona a mitundumitundu. Tisanakambe za mawu aukali, tiyambe ndi mawu awiri amene angakudyere ndalama zenizeni: "kuyambira lero".

Iwe umalandira pa mwezi. Lamulo la za ntchito la 2000, pa gawo 29, limati wolandira pa mwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, ndipo zimenezi zimamanga mbali zonse ziwiri, wolemba ntchito ndi wolembedwa. Ukachoka lero lomwe, banki ili ndi ufulu wofuna malipiro a mwezi umenewo m'malo mwa notisi. Sadzakuthamangitsa mumsewu ayi, adzangochotsa pa ndalama zako zomaliza. Ndiye uthenga umene ukuti "mundipatse ndalama zanga zonse" ndi womwewo umene ukuwapatsa chifukwa chokudula.

Tandiuza zinthu zitatu. Kontirakiti yako ikuti notisi ndi yaitali bwanji? Malipiro ako a pa mwezi asanadule msonkho ndi angati? Uli ndi loni ya antchito?

Tiyamike: Zikomo bambo. Kontirakiti ndaitulutsa mu sutikesi, ikuti mwezi umodzi, kapena malipiro a mwezi umodzi m'malo mwake. Ndimalandira K420,000 asanadule. Loni ilipo, ndinatenga yomangira nyumba ya amayi itagwa ndi madzi a Freddy mu 2023, yatsala K1,300,000. Masiku a tchuthi amene sindinatenge ndi 9.

Bambo Alufandika: Chabwino. Tiwerenge. Ukapereka kalata mawa pa 11 Novembala, mwezi ukutha pa 10 Disembala. Kwatsopanoko akukufuna pa 1 Disembala, kutanthauza kuti tsiku lako lomaliza ku banki likhale 30 Novembala. Pakupelewera masiku 10. Tikagawa K420,000 ndi masiku 30, tsiku limodzi ndi K14,000, ndiye masiku 10 ndi K140,000. Koma taona mmene kontirakiti yakoyo yalembedwera: "mwezi umodzi kapena malipiro a mwezi umodzi". Sikunena za kugawa masiku. Munthu wa ku likulu amene wakwiya nawe akhoza kuiwerenga kuti wapereka notisi yosakwana, ndiye ulipire mwezi wonse. Amene alibe nawe chifukwa adzawerenga masiku 10 okha, mwinanso kukukhululukira onse. Kusiyana kwa K420,000, K140,000 ndi kusalipira kanthu kuli m'manja mwa anthu omwewo amene ukufuna kuwauza kuti ndi okondera.

Aphunzitsi a ku Bangula: Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsogola. Ndipo mwana wathu, taganiza izi. Bungwe limene ukupitalo ku Nsanje limasunga kuti ndalama zake? Mabanki kuno kwathu ndi owerengeka. Kuchokera pa Chikwawa boma, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka Nsanje, ogwira ntchito m'mabanki ndi anthu omwewomwewo, amangosinthana nthambi. Mwezi wa mawa ukhoza kupezeka utanyamula macheke a bungwe lako, ukudikira siginecha ya munthu amene wawerenga uthenga umenewu.

Tiyamike: Aphunzitsi mwalasa. Akaunti yawo ili ku banki yathu yomweyi.

Joe wa ku Ngabu: Ine miyambi imeneyi ndi imene imandipweteka. Nthawi zonse wamng'ono ndiye asunge pakamwa. Ndipo pali lamulo, a Alufandika musabise. Munthu akamazunzidwa mpaka kusiya yekha ntchito, khoti la za ntchito limatenga ngati amuchotsa. Ndiye Tiyamike akachotsa madandaulo m'kalatamo, akalemba kuti zikomo kwambiri ndasangalala, mawa akapita ku khoti ku Blantyre adzamuonetsa kalata yake yomwe n'kumufunsa kuti nanga unkazunzidwa bwanji pamene unathokoza? Umboni akuufafaniza yekha.

Bambo Alufandika: Joe, sindikubisa, lamulo ukunenalo lilipo, ndi gawo 60. Ndipo pa mfundo imodzi ukunena zoona: munthu amene akufuna kudzasuma kuti anakakamizika kusiya sayenera kulemba kalata yokhala ngati zonse zinali bwino. Koma tayang'ana nkhani ya Tiyamike mmene ilili. Anamudula mu Ogasiti. Anagwirabe Seputembala, Okutobala, mpaka wapeza ntchito ina ya malipiro okwera, ndipo uthenga wake womwe ukunena kuti wapeza ntchito. Woweruza adzafunsa kuti chakuchotsa ndi chiyani, nkhanza kapena ntchito yatsopano? Mlandu wotere ndi wovuta kuupambana, komanso umatenga nthawi, uku iye ali pa miyezi yoyesedwa ku Nsanje, n'kumapempha tchuthi chokwera Thabwa kupita ku khoti.

Chimene ali nacho cholimba si "anandikakamiza kusiya". Ndi K85,000 imene akuti anadulidwa molakwika. Imeneyo ndi nkhani yoima payokha, ndipo siifa chifukwa choti wasiya ntchito mwaulemu.

Joe wa ku Ngabu: Ndiye aikemo ya K85,000 yokhayo.

Bambo Alufandika: Ayi, osati m'kalata imeneyi. Ndifotokoze mmene mapepala amayendera. Kalata yosiya ntchito manijala sakhala nayo. Amaisayina kuti walandira n'kuitumiza ku likulu, kwa oyang'anira za antchito, ndipo imalowa mu fayilo yako. Amene amaiwerenga kumeneko akufuna zinthu ziwiri: dzina ndi tsiku lomaliza, kuti awerengere ndalama zomaliza ndi kupeza wolowa m'malo. Ukaikamo zoti unasayinitsidwa ndalama osawerenga, kalatayo siimanso pa tebulo limenelo. Ku banki chiganizo chimenecho ndi nkhani ya ofufuza za chuma. Ndipo funso lawo loyamba silipita kwa manijala, lipita kwa iwe: unasayiniranji ndalama zimene sunawerenge? Lamulo loyamba la pa kauntala ndi limenelo, siginecha yako ndi umboni woti wawerenga. M'mawu ako omwe wavomera kuti unaphwanya ndondomeko. Akatsegula kafukufuku, fomu yako yotsimikiza kuti ulibe mangawa ndi banki imaima, ndalama zomaliza zimachedwa, ndipo bungwe la ku Nsanje likaimba foni kufunsa za iwe adzayankhidwa kuti pali nkhani imene ikufufuzidwa. Munthu wokagwira ndalama za bungwe, mawu amenewo okha ndi okwanira kumugwetsa.

Tiyamike: Koma bambo, sindinasayine mwakufuna kwanga. Linali tsiku la malipiro a anthu a m'minda ya nzimbe, mzere mpaka panja, dzuwa lija mukulidziwa. Ndalama zinandithera, oyang'anira anandibweretsera mitolo kuchokera m'sefa n'kundiuza kuti sayina msanga anthu akukomoka pa mzere, uwerenga ukamalipira. Madzulo pobalansa ndi pamene panapelewera. Ndinanena tsiku lomwelo.

Bambo Alufandika: Ndikukhulupirira, ndipo zimenezi zimachitika kwambiri masiku a malipiro. N'chifukwa chake nkhaniyi iyenera kulembedwa mofatsa pa pepala lake, ndi tsiku, nthawi, kuchuluka kwa mitolo, amene anabweretsa, amene anaona, ndi lipoti limene unalemba madzulo amenewo. Unalemba lipoti?

Tiyamike: Ndinalemba. Kope ndili nayo.

Bambo Alufandika: Isunge kunyumba, osati mu dilowa ya ku ntchito.

Esnati: Ndiloleni ndinene zanga, chifukwa inenso ndinachoka pa kauntala zaka zapitazo, ku banki ina. Chimene palibe anandiuza ndi loni. Loni ya antchito chiwongoladzanja chake chimakhala chotsika chifukwa ndiwe wa m'nyumba. Tsiku limene wachoka, chifukwa chimenecho chatha. Ine anatenga ndalama zanga zomaliza zonse, malipiro ndi za tchuthi, kulowetsa ku loni, yotsalayo n'kuisintha kukhala ya kasitomala wamba. Mwezi woyamba ku ntchito yatsopano ndinaukhala wopanda kanthu m'manja, lendi ikudikira. Tiya, werenga pepala la loni usiku uno, osati kontirakiti ya ntchito yokha. Pali mapepala ena amati ngongole yonse ibwezedwe nthawi yomweyo ukasiya.

Tiyamike: Ndaliona, asisi. Likuti ndikasiya ntchito banki "ikhoza" kufuna yonse kapena kuisintha kukhala ya chiwongoladzanja cha makasitomala.

Esnati: Ndiye upemphe wekha kuti aisinthe, usadikire kuti akusankhire. K1,300,000 nthawi imodzi uitenga kuti? Uwauze kuti malipiro ako atsopano azidzera mu akaunti yomweyo, azidula mwezi ndi mwezi. Kwa iwo zimenezo n'zabwino, sataya kasitomala. Ndipo usalole kuti mwezi udumphe osalipira pamene mukukambirana, dzina likalowa moipa kwa osunga mbiri ya angongole kulichotsa n'kovuta.

Fatsani: Ndamva tsopano kuti akuchoka yekha, pepani. Koma nanga za zaka zija sapatsidwa ngakhale pang'ono? Nanga penshoni, sangatenge n'kubwezera loniyo?

Bambo Alufandika: Za zaka zimene mlamu wanu analandira, a Fatsani, ndi za munthu amene ntchito yamuthera chifukwa kampani ikuchepetsa antchito, kapena amene wachotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha salandira. Tiyamike ayembekezere malipiro a masiku amene wagwira, ndalama za masiku a tchuthi amene sanatenge, ndi chikalata chosonyeza kuti anagwira ntchito yanji, kuyambira liti mpaka liti. Chikalata chimenecho ndi ufulu wake, si chifundo cha manijala.

Penshoni ndi yake, sitayika. Wakhala akudulidwa mwezi ndi mwezi, banki nayo ikuikapo gawo lake. Koma munthu wochoka pa ntchito ina kulowa ina satenga m'manja. Imakhala komweko kapena imasamutsidwa kupita kumene abwana atsopano amasungitsa. Asaiwerengere pa loni. Chofunika n'kupempha sitetimenti yake ndi nambala ya umembala asanachoke.

Mai a Chikondi: Ine za malamulo sindizidziwa, ndimagulitsa nsomba zouma pa Bangula. Koma mwanayu ndimamudziwa pa kauntala, amatithandiza ife osadziwa kulemba mafomu mosatinyoza. Mtima ukundiwawa kuti achoke ngati wolakwa. Kalata yake imveke kuti akuchoka mutu uli m'mwamba.

Tiyamike: Takhuta, amayi. Mwandiliritsa. Ndayesa kulembanso. Yeniyeni ipita m'Chingerezi monga mwa ofesi, koma tiyambe tagwirizana zokhalamo:

"Wokondedwa Bwana, ndi chisoni chachikulu ndikupempha kuti mundilole kusiya ntchito chifukwa ndapeza mwayi wina wabwino ku bungwe la ku Nsanje. Ngakhale panali zovuta zina zimene mukuzidziwa, ndakhululuka. Ndikupempha kuti ngati n'kotheka ndichoke kumapeto kwa mwezi uno. Pepani ngati ndinakulakwirani."

Aphunzitsi a ku Bangula: Iyi ndiye yaulemu. Kwa ine ipite.

Bambo Alufandika: Aphunzitsi, ulemu ulimo, koma yapitirira mbali ina. Tiyamike, tiione chiganizo ndi chiganizo.

"Ndikupempha kuti mundilole." Kusiya ntchito sikupempha. Ukudziwitsa. Ukalemba ngati pempho, munthu akhoza kuikhalira sabata ziwiri n'kudzati sindinavomere, ndiye masiku a notisi ayamba liti? Chimene ukupempha ndi chimodzi chokha, kufupikitsa notisi, ndipo chimenecho chikhale pa ndime yakeyake kuti akakana pempholo notisi ikhale ikuyendabe.

"Kumapeto kwa mwezi uno" si tsiku. Lemba manambala. Ndipo tsiku limene ulembe ngati lomaliza likhale la notisi yokwana, 10 Disembala. Ukalemba 30 Novembala wavomera wekha kuti notisi yako ndi yopelewera.

"Zovuta zina zimene mukuzidziwa, ndakhululuka." Apa Joe akhoza kukuwa, ndipo angakhale akulondola. Mawu akuti ndakhululuka, wina adzawawerenga kuti K85,000 ija waisiya. Komanso wowerenga wa ku likulu sadziwa zovutazo, ndiye wangomudzutsira mafunso. Chotsa. "Pepani ngati ndinakulakwirani" ndi mawu abwino potsanzikana pakamwa, koma mu fayilo ya munthu wogwira ndalama asakhalemo.

Dzina la kumene ukupita, palibe chokukakamiza kulilemba.

Esnati: Pamenepo ine ndikusiyana nanu pang'ono, bambo. Kuno chinsinsi chake chili kuti? Akakwera minibasi ya ku Nsanje kawiri kokha aliyense wadziwa. Ndipo ngati akupempha kuti loni izidulidwa ku malipiro atsopano, adzafuna kalata ya abwana atsopanowo basi.

Bambo Alufandika: Adzadziwa, inde. Koma adziwe pa nthawi ya loni, notisi italandiridwa kale ndi kudindidwa. Ndinaonapo manijala akuimbira abwana atsopano a munthu tsiku lomwelo, ati kungocheza.

Esnati: Ine ndikanalemba. Kubisa kumaoneka ngati ukupita kwa opikisana nawo, ndipo akaganiza choncho amakuchotsa pa kauntala tsiku lomwelo.

Bambo Alufandika: Akhoza kungolemba kuti ntchito yake yatsopano si ya ku banki. Koma asankhe yekha, zonse ziwiri sizimupha.

Tiyamike: Nayi yachitatu:

"11 Novembala

Kwa Manijala wa Nthambi
Kope: Oyang'anira za Antchito, ku Likulu

Bwana,

KUSIYA NTCHITO

Ndikukudziwitsani kuti ndikusiya ntchito yanga ya pa kauntala. Motsatira kontirakiti yanga, ndikupereka notisi ya mwezi umodzi kuyambira lero, 11 Novembala. Tsiku langa lomaliza lidzakhala 10 Disembala.

Ndikupempha kuti, ngati banki ingavomere, notisiyi ifupikitsidwe kuti ndimalize pa 30 Novembala, ndipo masiku otsalawo achotsedwe pa masiku 9 a tchuthi amene sindinatenge. Ndingathokoze nditayankhidwa polemba pasanafike pa 18 Novembala.

Ndili wokonzeka kupereka ndalama za pa kauntala, makiyi, chidindo ndi chiphaso kwa amene mudzamusankhe, komanso kuthandiza wolowa m'malo mwanga. Ndikupemphanso kuti mundidziwitse polemba za ndalama zanga zomaliza, penshoni, chikalata cha ntchito, ndi mmene loni yanga ingapitirire kubwezedwa mwezi ndi mwezi.

Ndikuthokoza chifukwa cha zaka zinayi zimene ndagwira ntchito pa nthambi ino ndi zimene ndaphunzira.

Ine wanu,
dzina, nambala ya ntchito, siginecha"

Joe wa ku Ngabu: Chiganizo chomalizacho chikundibaya. Mukuthokoza chiyani?

Tiyamike: Achimwene, ndachiganizira kwambiri. Sindikuthokoza manijala, taonani bwino, dzina lake mulibe. Ntchito ya ku Nsanje ndaipeza chifukwa ndimadziwa kubalansa, kuyanjanitsa mabuku ndi sitetimenti, kuzindikira cheke chokayikitsa. Zimenezo ndaphunzira pa kauntala pomwepo. Chiganizocho ndi choona, n'chifukwa chake ndingachisayine. Zoti "ndasangalala kugwira nanu ntchito" sindilemba, chifukwa si zoona.

Bambo Alufandika: Kalata ndi imeneyi. Ndikonze malo amodzi. Pa za tchuthipo pali njira ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Ina ndi yoti upite ku tchuthi kuyambira pa 1 mpaka pa 10 Disembala. Pamenepo ukadali wantchito wa banki mpaka pa 10, ndipo kontirakiti za m'mabanki kawirikawiri zimaletsa kugwira kwina popanda chilolezo. Ukayamba ku Nsanje pa 1 uli pa tchuthi cha banki, wakhala ndi mabwana awiri. Njira ina ndi yoti ntchito ithe ndithu pa 30 Novembala, ndipo ndalama za tchuthi zimene akanakupatsa zilipire masiku opelewera. Iwe ukufuna yachiwiriyi. Lemba momveka kuti "ntchito yanga ithe pa 30 Novembala". Dziwanso kuti akhoza kukana. Disembala ndi mwezi wa mizere, manijala aliyense safuna kauntala yopanda munthu.

N'chifukwa chake mawa m'mawa, usanapereke kalatayi, imbira a ku Nsanje. Uwauze kuti uli ndi notisi ya mwezi, ukupempha kufupikitsa, koma akakana uyamba pa 11 Disembala. Olemba ntchito ambiri savutika ndi zimenezi, munthu wosunga notisi kumene akuchoka amawapatsa chikhulupiriro. Akavomera akulembere, ngakhale uthenga waufupi.

Aphunzitsi a ku Bangula: Nanga kaperekedwe? Ana a masiku ano amangotumiza pa foni.

Bambo Alufandika: Asindikize makope awiri. Alowe mu ofesi m'mawa zitseko zisanatsegulidwe, anene pakamwa mwachidule, apereke. Kope yachiwiri manijala asayine, alembe tsiku, adinde. Akazengereza kusayina, atumize kalata yomweyo pa imelo ya ku ntchito kwa manijala ndi ku likulu tsiku lomwelo, kuti tsiku lisakanidwe.

Ndipo Tiyamike, konzeka kuti akhoza kukuchotsa pa kauntala nthawi yomweyo n'kukuika kumbuyo. Usakhumudwe, mabanki ambiri amatero ndi aliyense wopereka notisi. Chimene usalole ndi kupereka ndalama mothamanga. Muwerenge awiri, mtolo ndi mtolo, pamaso pa oyang'anira, nonse musayine pepala losonyeza ndalama zimene zaperekedwa, iwe utenge kope. Makiyi ndi chidindo alembe m'buku kuti walandira ndani, nthawi yanji. Uonetsetse kuti dzina lako lolowera mu kompyuta latsekedwa tsiku lomaliza, ndipo pa masabata otsalawa usabwereke munthu nambala yako yachinsinsi ngakhale kwa mphindi. Shoteji imene imatulukira munthu atachoka imakonda kugwera amene wachokayo, chifukwa palibe womuyankhira.

Esnati: Zoona zimenezo. Ndipo zithunzi za mapepala a makasitomala usajambule, ngakhale ukufuna umboni. Tenga zako zokha: lipoti lako, mapepala a malipiro osonyeza kudulidwa kuja.

Joe wa ku Ngabu: Chabwino, ndagonja pa kalatayi. Koma ya K85,000 ilembedwe, ndipo ipite mawa lomwelo pamodzi. Mukadikira mpaka mutachoka adzati bwanji sunanene uli mkati.

Bambo Alufandika: Ananena ali mkati, lipoti la Ogasiti lilipo. Ine ndikanadikira yankho la notisi ndi loni, kenaka n'kupereka dandaulo asanamalize, kudzera m'ndondomeko ya madandaulo ya banki, ndi kulitchulanso pa kucheza kotsanzikana ndi a ku likulu. Akapanda kuyankha, ofesi ya za ntchito pa boma ilipo.

Joe wa ku Ngabu: Ndiye kuti akagwiritse kaye chifundo chawo kenaka n'kuwabaya? Kwa ine chilungamo n'kuika zonse pa tebulo tsiku limodzi.

Esnati: Koma Joe, dandaulo lija likadzutsa kafukufuku, likhoza kuimitsabe fomu yake ngakhale lili pa pepala lina. Tiya aganize ngati K85,000 ikuyenera chiopsezo chimenecho pa miyezi yake yoyesedwa.

Tiyamike: Si ndalama zokha, asisi. Mu fayilo mwanga mwalembedwa kuti ndinali ndi shoteji. Ndikupita kukagwira ndalama za anthu, ndikufuna mbali yanga ikhalemo mu fayilomo, ngakhale asandibwezere tambala. Komanso pali mtsikana amene wangoyamba kumene pa kauntala yachitatu, tsiku la malipiro likubwerali adzamuuza zomwezo. Dandaulo ndilemba. Za tsiku lopereka sindinaganize bwino, Joe ali ndi mfundo, bambo Alufandika ali ndi mfundo.

Mai a Chikondi: Mulungu akutsogolere, mwana wanga. Ugone lero.

Tiyamike: Abale, mwadzuka bwanji? Ndaimbira a ku Nsanje, akuti pa 11 Disembala palibe vuto ndipo anditumizira uthenga wotsimikiza. Chifukwa cha zimenezo ndachotsa ndime yopempha kufupikitsa, ndigwira notisi yonse, ndalama za masiku 9 a tchuthi zikhale zanga. Kalata ndapereka, kope yanga yasayinidwa ndi kudindidwa. Manijala anangoti amva, ndipo ndikhalabe pa kauntala mpaka atapeza wina. Za loni akuti ndilembe pempho lapadera lopita ku likulu, ndiphatikize kalata ya ntchito yatsopano.

Esnati: Pempho la lonilo ulembe sabata ino. Ufunsenso kuti akasintha chiwongoladzanja uzilipira zingati pa mwezi ndi kwa miyezi ingati, akupatse pa pepala usanasayine.

Bambo Alufandika: Ndipo ufunse ngati akufuna kutenga ndalama zako zomaliza kulowetsa ku loni, kuti udziwe za lendi ya Disembala. Dandaulo lija ukalemba, unditumizire kumbali ndilione, pa gulu pano usaike mayina a anthu.